Mlandu mwawina, nanga ndalama zatsalira kuti?

Anthu ambiri amene adalembapo loya amakumbukira masiku awiri. Loyamba ndi tsiku limene adalowa mu ofesi yake mtima uli m'mwamba, akufuna wowalankhulira pamaso pa jaji. Lachiwiri ndi tsiku limene adaitanidwa kuti akatenge ndalama zawo mlandu utatha, n'kupeza kuti zimene zalowa m'manja sizikufika pa zimene khoti lidalamula. Pa tsiku loyambalo munthu safunsa za mtengo chifukwa mavuto amufika m'khosi. Pa tsiku lachiwirilo safunsanso, chifukwa pepala limene wapatsidwa lili m'Chingerezi cha kukhoti, ndipo amaopa kuoneka wosayamika kwa munthu amene wamupulumutsa. Amangolandira ndi manja awiri, n'kukadandaulira kunyumba.

Ine ndikuti kufunsa loya za bilu yake si chipongwe. Loya ndi munthu amene mwamulemba ntchito, ndipo ndalama zimene walandira m'dzina lanu ndi zanu mpaka atasonyeza kuti gawo lakutilakuti ndi malipiro ake. Maloya ambiri amagwira ntchito mokhulupirika, ndipo ntchito yawo ndi yodula pa zifukwa zomveka: adaphunzira zaka zambiri, amalipira lendi ya ofesi, antchito, mabuku ndi chiphaso chogwirira ntchito chaka ndi chaka. Koma loya wokhulupirika savutika kufotokoza bilu yake mzere ndi mzere. Amene amakwiya mukafunsa ndiye wakupatsani chifukwa chofunsira kwambiri.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyerekeze mlandu umodzi. Si wa munthu weniweni, koma zonse zili m'menemo ndi zimene zimapezeka m'mabilu a maloya. Mayi wina ali ndi sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe. Adapereka simenti ndi malata za K12,000,000 ku kampani ina yomanga, kampaniyo n'kuyamba kuzemba kulipira. Mayiyo adalemba loya, adasaina pepala la mgwirizano la tsamba limodzi, ndipo adapereka dipoziti ya K1,000,000. Mlandu udapita ku Khoti Lalikulu ku Blantyre, mayiyo adawina, kampaniyo idalipira ngongole yonse kudzera kwa loya. Mayiyo adalandira K5,900,000. Zotsalazo, K6,100,000, adauzidwa kuti ndi bilu. Kuti masamu asatisokoneze, chiwongoladzanja ndi msonkho wa VAT tiziike pambali.

Ndalama ziwiri zimene khoti limalamula

Chinthu choyamba chimene mayiyu sadadziwe, ndipo ndi chimene chimadyetsa anthu ambiri, n'chakuti khoti likagamula mlandu wa mtundu uwu nthawi zambiri limalamula ndalama za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi ngongole yeniyeniyo, kapena chipukutamisozi ngati ndi mlandu wa ngozi. Mtundu wachiwiri ndi ndalama zoyendetsera mlandu, zimene woluza amalipira wowina. Jaji amangonena mwachidule kumapeto kwa chigamulo kuti woluza alipire zimenezi, osatchula kuti ndi zingati. Kuchuluka kwake kumadziwika pambuyo pake: mwina maloya a mbali ziwirizo amagwirizana, kapena loya wa wowina amalemba bilu n'kupita nayo kwa rejisitala wa khoti kuti aiunike. Maloya amatchula kuunika kumeneku kuti takiseshoni. Mukamva mawuwa musaganize za msonkho wa boma ayi, ndi kupima bilu basi.

Amalawi ambiri adaiona ntchito imeneyi pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019. Khoti litathetsa zotsatira za chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020, lidalamulanso kuti bungwe loyendetsa zisankho lilipire ndalama zoyendetsera mlandu za a Saulos Chilima ndi a Lazarus Chakwera. Patapita miyezi, manyuzipepala adalemba kuti rejisitala wavomereza ndalama pafupifupi K7 biliyoni, ndipo anthu adakangana nazo m'maminibasi ndi pawailesi. Njira imene idatsatidwa pa mabiliyoni amenewo ndi yomweyo imene imatsatidwa pa mlandu wa simenti wa mayi wa ku Limbe.

Tsono mvetsani cholinga cha ndalama zachiwirizi. Lamulo limaziona ngati kubwezera wowina zimene wawononga polemba loya. Si mphatso ya loya yoonjezera pa malipiro ake. Kawirikawiri sizikwana bilu yonse, ndiye kasitomala amaonjezera zotsalazo kuchokera m'thumba mwake. Koma ziyenera kuoneka pa masamu. Ngati loya walandira ndalama zimenezi kwa woluza, n'kudulanso bilu yathunthu pa ndalama zanu osachotserapo kanthu, ndiye kuti ntchito imodzi yalipiridwa kawiri.

Mayi wathu atauzidwa zimenezi adapita ku ofesi ya khoti kumene kumasungidwa mafayilo, atatenga nambala ya mlandu wake. Monga mwini mlandu, adapempha kuona fayilo. M'menemo mudali chikalata chosonyeza kuti rejisitala adalamula kampani ija kulipira K2,200,000 zoyendetsera mlandu, ndipo kampaniyo idatsimikiza kuti idalipira kwa loya. Pa pepala limene mayiyo adapatsidwa, ndalama zimenezi sizidatchulidwe n'komwe. Dipoziti yake ya K1,000,000 nayonso sidatchulidwe.

Tiwerengere limodzi. Zimene zidalowa m'manja mwa loya chifukwa cha mlanduwu ndi K12,000,000 ya ngongole, K2,200,000 ya woluza, ndi K1,000,000 ya dipoziti. Zonse pamodzi ndi K15,200,000. Mayiyo adalandirapo K5,900,000. Ndiye kuti kwa loya kudatsala K9,300,000, pomwe bilu yake imene adalemba yekha ikuti K6,100,000. Tisanatsutse ola ngakhale limodzi la pa biluyo, K3,200,000 ndi za mayiyo kale. Apa sipafunika kudziwa malamulo. Pakufunika kuphatikiza ndi kuchotsera kwa ku pulayimale, ndi kudziwa funso loyenera kufunsa.

Pepala limene mumasaina mofulumira lija

Tibwerere ku tsiku loyamba, chifukwa mikangano yambiri ya pa bilu imabadwira pa mgwirizano. Wa mayiyu udali ndi mfundo ziwiri zokha zokhudza ndalama: kuti loya azilipiritsa K40,000 pa ola, ndi kuti kasitomala adzabweza zonse zimene ofesi idzawononge pa mlanduwo. Zikuoneka zomveka, koma taonani zimene pepalalo silidanene. Silidanene kuti mlandu wotere ungatenge maola angati. Silidanene kuti mtengowo ndi wa loya uti, pakuti mu ofesi imodzi mumakhala loya wamkulu, maloya ongoyamba kumene ndi makalaliki. Silidanene ngati msonkho uli kale m'kati mwa mtengowo. Silidanene kuti ndalama zimene woluza adzalipire zidzapita kuti. Ndipo silidanene kuti ntchitoyo ikuthera pati: pa chigamulo, pa kulanda katundu wa wangongole, kapena mpaka pa apilo.

Palibe loya amene angalonjeze maola enieni, chifukwa mbali inayo ikhoza kutalikitsa mlandu ndi mapempho osatha. Koma loya amene wachitapo milandu ya ngongole yambirimbiri akhoza kukuuzani kuti ukayenda bwino utenga maola pafupifupi mwakuti, ukavuta mwakuti. Pemphani kuti zimenezi zilembedwe, ndipo muonjezere chiganizo chimodzi chakuti ndalama zikafika pa mlingo wakutiwakuti, loya akudziwitseni asanapitirire. Pemphaninso kuti bilu izibwera pa gawo lililonse la mlandu, osati kudikira kumapeto. Bilu ya miyezi itatu mukhoza kuifananiza ndi zimene mukukumbukira. Ya zaka zitatu, ndani angakumbukire kuti msonkhano wa tsiku lakuti udatenga mphindi zingati?

Nanga mungadziwe bwanji ngati mtengo wa pa ola ndi woyenera? Pali poyambira. Malamulo amene adatuluka mu 2018 adaika mitengo imene khoti lizigwiritsa ntchito popima bilu yolipira woluza: K30,000 pa ola kwa loya amene sanakwane zaka 10 pa ntchito, K40,000 kwa amene wapitirira pamenepo, ndi K60,000 kwa loya amene adapatsidwa ulemu wa SC. Mitengo imeneyi simanga loya ndi kasitomala wake, awiriwa akhoza kugwirizana mtengo wina. Komanso kwacha yagwa kwambiri chiyambire nthawi imeneyo, monga mu Novembala 2023 pomwe mphamvu yake idatsitsidwa ndi 44 peresenti, choncho musadabwe loya akatchula mtengo wokwererapo. Phindu lodziwa manambalawa n'lakuti mumaona kuti lamulo lenilenilo limasiyanitsa loya wamkulu ndi wamng'ono. Ngati mwagwirizana mtengo wa loya wa zaka 20, koma kukhoti kukupita mnyamata amene wangotuluka kumene kusukulu, muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chake mukulipira mtengo wa mkuluyo.

Anthu ovulala pa ngozi za pamsewu kapena pantchito nthawi zambiri salipira pa ola. Amagwirizana kuti loya adzatengako gawo la chipukutamisozi, chifukwa alibe ndalama zoyambira. Kwa munthu wosauka imeneyi imakhala njira yokhayo yofikira kukhoti, ndipo loya amene wavomera kudikira malipiro kwa zaka, mwinanso osalandira kanthu mlandu ukalephera, ayenera kupezapo phindu. Koma mafunso ake ndi omwewo. Peresentiyo idulidwa pa ndalama zonse, kapena atachotsa kaye zolipira kuchipatala, kupolisi ndi kukhoti? Kampani ya inshulansi ikavomera kulipira itangolandira kalata imodzi, gawo la loya likhala lomwelo ngati mlandu udafika pozengedwa? Ndipo ndalama zoyendetsera mlandu zimene inshulansi idzalipire padera, loya adzatenga zonse pamwamba pa peresenti yake, kapena zidzachepetsa gawo lodulidwa kwa inu? Pepala likangokhala chete pa funso lomalizali, musasaine mpaka liyankhidwe. Ngati simuwerenga Chingerezi, pemphani kuti mupite nalo kunyumba mwana wanu kapena munthu wina womukhulupirira akakuwerengereni. Mlandu sungaonongeke chifukwa cha usiku umodzi.

Kuyenda m'bilu mzere ndi mzere

Mayi uja adalemba kalata yopempha bilu yatsatanetsatane, yosonyeza tsiku, ntchito, amene adaigwira ndi nthawi imene idatenga. Bilu yongoti malipiro a ntchito ya uloya ndi ndalama zakuti, popanda kufotokoza, palibe amene angaipime. Yatsatanetsataneyo itabwera idasonyeza maola 80 pa K40,000, zimene ndi K3,200,000. Pamwamba pake padali 50 peresenti ya ndalama zomwezo, K1,600,000, yolembedwa kuti ndi ya kusamalira ndi kuyendetsa mlandu. Kenako K700,000 ya zimene ofesi idawononga, ndi K600,000 yolembedwa kuti ndi yotolerera ngongole, imene ndi 5 peresenti ya K12,000,000.

Muyeso umene makhoti amagwiritsa ntchito ndi wosavuta kuumva. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku Khoti Lalikulu, amene adayamba kugwira ntchito mu 2017, amati khoti lisavomereze ndalama zimene zidawonongedwa popanda chifukwa chomveka, kapena zimene kuchuluka kwake n'kosamveka. Pamenepa pali mafunso awiri osiyana: kodi ntchitoyi idafunikadi, ndipo ngati idafunika, kodi nthawi ndi ndalama zake n'zoyenera? Popima, khoti limayang'ana kukula kwa ndalama zimene zikukanganiridwa, kuvuta kwa mlandu, luso limene lidafunika ndi nthawi imene idatayika. Kasitomala akhoza kufunsa mafunso omwewo atakhala pa tebulo la kunyumba kwake.

Mzere woyamba udali misonkhano ndi kasitomala, maola 8. Apa mayiyo adali ndi mboni yabwino kuposa ina iliyonse, kope lake la kusitolo, momwe amalembamo tsiku lililonse limene watseka sitolo n'kupita kutauni. Kopelo lidasonyeza maulendo anayi, ndipo nthawi yokhala pamaso pa loya sidapitirire maola 5. Nthawi imene adakhala pa benchi kudikira kuti loya amalize ndi anthu ena si ntchito imene loya adamugwirira.

Mzere wachiwiri udali kuwerenga zikalata, maola 10. Zikalata zimene mayiyo adapereka zidali mapeji 25: ma invoisi, mapepala osainira polandira katundu ndi makalata awiri okumbutsa ngongole. Maola 10 ndi mphindi 600. Mukagawa ndi 25 mupeza mphindi 24 pa peji iliyonse, pomwe mapeji ambiri ali ndi mizere isanu yokha. Loya samangowerenga ngati nyuzipepala, amafananiza madeti ndi manambala, choncho tiyenera kumupatsa mpata. Koma maola 4 ndi okwanira ndithu.

Kulemba zikalata za kukhoti kudatenga maola 14, ndipo mayiyo ataona zikalatazo m'fayilo sadatsutse. Ndikufuna kutsindika pamenepa. Munthu amene amatsutsa mzere uliwonse samvedwa. Kulemba samani, chikalata chofotokoza mlandu, umboni wa mboni ndi mfundo zomaliza ndiye ntchito yeniyeni ya loya, ndipo imadya nthawi imene kasitomala saiona. Chimene chili cholondola chivomerezeni, kuti pamene mukutsutsa mawu anu akhale ndi mphamvu.

Pamene pamabisala maola ambiri ndi pa kufufuza malamulo. Biluyo idati maola 20. Kafukufuku sasiya mapazi, munthu akhoza kulemba nambala iliyonse. Njira yopimira ndi kuona zimene zidatulukamo. M'zikalata zimene loya adapereka kukhoti mudatchulidwa milandu yakale itatu, ndipo kampani ija sidatsutse mfundo iliyonse ya malamulo, inkangoti katundu wina sadafike. Mkangano udali pa zimene zidachitika, osati pa lamulo. Komanso mukalipira mtengo wa loya wodziwa, mukulipira zimene akudziwa kale. Simuyenera kumulipiranso kuti aphunzire lamulo la kugulitsana katundu, limene loya aliyense adaliphunzira kusukulu. Mayiyo adati avomera maola 8.

Kupita kukhoti kudalembedwa maulendo 6, ulendo uliwonse maola atatu, onse pamodzi 18. Manambala ofanana chonchi ayenera kukudzutsani, chifukwa masiku a kukhoti safanana. Fayilo ya kukhoti imalemba zimene zidachitika tsiku lililonse ndi amene adalipo. Idasonyeza kuti tsiku lina mlandu udaimitsidwa chifukwa loya wa mayiyo sadabwere. Maola atatu amenewo sayenera kulipiridwa ngakhale pang'ono. Tsiku lina udaimitsidwa chifukwa jaji kudalibe. Limenelo si vuto la loya, adabwera ndipo adataya nthawi yake, choncho ola limodzi n'loyenera, koma osati atatu. Atsala maola 13. Makalata ndi mafoni zidalembedwa maola 10, koma m'fayilo mudali makalata 9 aafupi, ndipo mayiyo adavomera maola 6.

Mukaphatikiza 5, 4, 14, 8, 13 ndi 6 mupeza maola 50 m'malo mwa 80. Pa K40,000 ndi K2,000,000.

Tsopano tifike pa mizere ya maperesenti, imene ndi yoopsa chifukwa imakula yokha. Gawo la kusamalira ndi kuyendetsa mlandu si chinthu chongopeka loya ameneyu. Limapezeka m'mabilu amene amapita kwa rejisitala, ndipo rejisitala amalikweza kapena kulitsitsa malinga ndi kuvuta kwa mlandu. Koma onani mmene limagwirira ntchito: ola lililonse loonjezedwa pa bilu limabereka theka la ola lina. Maola 30 osayenera aja adali K1,200,000, ndipo adakokanso K600,000 ina kudzera mu peresentiyi. Chachikulu n'chakuti mgwirizano wa mayiyo udatchula K40,000 pa ola basi. Kuonjezerapo theka kukutanthauza kuti mtengo weniweni udali K60,000, umene sadauzidwe. Mayiyo ali ndi mfundo yolimba yokanira gawo lonseli. Ngakhale wopima atalivomereza, liyenera kuwerengedwa pa maola 50, ndiye kuti K1,000,000 osati K1,600,000.

K600,000 yotolerera ngongole nayo simupezeka mu mgwirizano. Malamulo a mitengo ya maloya amadziwa malipiro otolerera ngongole, ndipo amamveka bwino pamene loya wakakamiza wangongole kulipira popanda kuzenga mlandu. Koma pano loya walipiritsa kale ola lililonse limene adagwira mpaka ndalama zidatuluka. Funso lofunsa ndi lakuti: ndi ntchito iti imene K600,000 ikulipira, imene sidawerengedwe kale m'maola aja, ndipo ndi ndime iti ya mgwirizano kapena ya lamulo imene ikuloleza? Yankho lake lilembedwe.

Zimene ofesi idawononga ndiye zosavuta kupima, chifukwa ndi ndalama zimene zidatulukadi kupita kwa ena, ndipo loya sayenera kuikapo phindu. Khoti limapereka lisiti pa ndalama zolembetsera zikalata. Wopereka masamani, mafuta a galimoto, fotokope, zonsezi zimasiya pepala kapena zikhoza kuwerengedwa. Malisiti amene adapezeka adakwana K420,000. Zotsalazo zidangolembedwa kuti zina ndi zina. Mawu amenewo pa bilu ndi dzenje, funsani chimene chili m'katimo. Ndipo ngati pa bilu pali msonkho wa VAT, pemphani invoisi ya msonkho yokhala ndi nambala yolembetsera ya ofesiyo, muonenso ngati msonkhowo sunaikidwe pa ndalama zimene zidangolipiridwa kukhoti.

Tsono bilu ya K6,100,000 yafika pati? Maola 50 ndi malisiti zikupanga K2,420,000. Tikamukomera mtima loya n'kuvomereza gawo la kusamalira mlandu, ikufika K3,420,000. Pa K15,200,000 zimene zidadutsa m'manja mwake, mayiyo amayenera kulandira zosachepera K11,780,000. Adalandira K5,900,000. Kusiyana kwake ndi K5,880,000, pafupifupi theka la katundu yense amene adapereka kukampani kuja.

Sindikunena kuti rejisitala angagwirizane ndi mayiyu pa mzere uliwonse. Mwina loya angaonetse zolemba zake za nthawi n'kutsimikiza kuti kafukufuku adatengadi maola 12, kapena kuti padali mafoni ambiri ndi loya wa mbali inayo amene kasitomala sadawamve. Pakati pa loya ndi kasitomala wake, zimene kasitomala adavomereza yekha zimavuta kuzikana pambuyo pake. Ngati mudaumirira kuti loya apite ku Mzuzu kukaonana ndi mboni imene iye adati n'njosafunika, ulendowo ndi wanu. Ngati mumamuimbira foni usiku uliwonse kufunsa za mlandu, musadabwe kuona mafoniwo pa bilu. Kupima bilu sikufuna mtengo wotsika kwambiri ayi, kukufuna kuti mulipire ntchito imene idagwiridwadi, pa mtengo umene mudagwirizana, kamodzi kokha.

Mukapeza cholakwika

Yambani ndi kalata, osati mkangano wa pakhomo la ofesi. Ikhale yaulemu ndi yaifupi. Nenani mizere imene mukuvomereza, imene mukutsutsa ndi chifukwa chake, ndipo pemphani chikalata chosonyeza ndalama zonse zimene zidalowa ndi kutuluka m'dzina lanu, pamodzi ndi madeti ake. Ndalama za makasitomala zimayenera kusungidwa mu akaunti yapadera, yosiyana ndi ya ofesi, choncho chikalata chotere sichiyenera kuvuta kutulutsa. Sungani kope la kalatayo losainidwa kuti yalandiridwa. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepa, chifukwa zolakwika zina zimakhala za kalaliki amene adaiwala dipoziti kapena adakopera mizere ya bilu ya munthu wina. Akakupatsani pepala loti musaine kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunsanso kanthu, musasaine musanaone masamu.

Zikakanika, pali njira ziwiri, ndipo si zofanana. Ngati mkangano uli pa kuchuluka kwa bilu, mukhoza kupempha Khoti Lalikulu kuti bilu ya loya wanu ipimidwe, monga momwe ya woluza imapimidwira. Musachedwe, chifukwa bilu imene mudailipira kalekale osadandaula imavuta kuitsegulanso. Dziwaninso kuti kupimitsako kuli ndi mtengo wake, ndipo bilu ikapezeka kuti idali yolondola mukhoza kulipira ndinu. Pa kusiyana kwa K100,000 mwina sikoyenera, koma pa K5,880,000 n'koyenera, ngakhale kutafunika kulipira loya wina maola awiri kuti ayambe waiona biluyo. Koma ngati loya wabisa ndalama zimene adalandira m'dzina lanu, kapena akukana kufotokoza kumene zidapita, imeneyo si nkhani ya mtengo chabe, ndi ya khalidwe. Dandaulo lake limapita ku bungwe la maloya la Malawi Law Society, ndipo lamulo la maphunziro ndi ntchito za maloya la 2018 lidakhazikitsa komiti yosungitsa mwambo imene imamva madandaulo otere. Bungwe lomweli limatulutsa mndandanda wa maloya amene ali ndi chiphaso chogwirira ntchito, ndipo ndi bwino kuuona musanapereke dipoziti kwa aliyense. Amene alibe ndalama zolembera loya wina akhoza kukafunsa thandizo ku Legal Aid Bureau.

Chenjezo limodzi kwa amene mlandu wawo sunathe. Loya amene sanalipidwe akhoza kugwira fayilo yanu mpaka nkhani ya malipiro itakonzedwa, ndipo kukangana naye kutatsala sabata imodzi kuti mlandu uzengedwe kungakupwetekeni inu nomwe. N'chifukwa chake muyenera kusunga makope a zikalata zanu zonse kuyambira pachiyambi, ndi kulipira gawo la bilu limene simukulitsutsa pomwe mukukambirana za linalo.

Mayi wa m'chitsanzo chathu adathandizidwa ndi zinthu zitatu zimene munthu aliyense angakhale nazo: kope la mgwirizano, lisiti ya dipoziti, ndi kabuku kolembamo masiku. Inu amene muli ndi mlandu m'manja mwa loya lero, gulani kope la masamba ochepa sabata ino. Lembanimo nambala ya mlandu, tsiku lililonse limene mwakumana naye ndi nthawi imene mwakhala, ndalama iliyonse imene mwapereka, ndi zimene zachitika kukhoti. Ndipo tsiku limene adzakuitanani kuti mukatenge ndalama zanu, musanatambasule manja, mufunseni mwaulemu kuti: "Kodi achikulire, a mbali inayo adalipira zingati zoyendetsera mlandu, ndipo zili pati pa pepalali?"